Kuchepetsa kufiira kwa nkhope pa chithunzi popanda kutuwitsa khungu

"Ndinajambula mayi wina amene anapsa ndi dzuwa dzulo lake. Masaya ndi mphuno zatuluka zofiira psuu, pamene khosi lili bwinobwino. Ndikatsitsa Saturation mu Photoshop kufiirako kumachepa, koma nkhope imatuwa ngati ya munthu wodwala. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Mukukoka kabatani kolakwika, ndipo pafupifupi aliyense amayambira pa kabatani komweko. Diso likaona tsaya lofiira limafulumira kunena kuti utoto wachuluka, choncho dzanja limathamangira kukauchepetsa. Koma pa khungu lopsa ndi dzuwa, kapena la munthu amene magazi athamangira kumaso chifukwa cha kutentha, manyazi kapena kuthamanga, vuto lalikulu si kuchuluka kwa utoto ayi. Vuto ndi loti mtundu wa utotowo wasuntha, wachoka kumbali ya chikasu n'kupendekera kumbali ya pinki. Saturation imangochepetsa kapena kuonjezera utoto umene ulipo kale, siisintha mtundu wake. Mukaitsitsa, pinki uja amakhalabe pinki, kungoti tsopano wasakanikirana ndi phulusa. Ndiye popeza khungu lozungulira malowo likadali ndi mtundu wake wamoyo, diso limayerekeza ziwirizi n'kuona pamene mwakonzapo potuwa kwambiri kuposa mmene palili. Kabatani kofunika kuyamba nako ndi Hue. Saturation ibwere pambuyo pake, ndipo pang'ono chabe.

Kuti mumvetse chifukwa chake, taonani zimene magazi amachita ndi kuwala. Khungu likapsa, timitsempha ta magazi tapafupi ndi pamwamba timatanuka, ndipo magazi amachuluka pamalopo. Magazi amameza kwambiri kuwala kobiriwira, koma kofiira amakubweza pafupifupi konse. Kamera imasunga kadontho kalikonse ka chithunzi ngati manambala atatu, R wa kufiira, G wa kubiriwira ndi B wa buluu. Choncho pa tsaya lopsa, R sakwera kwenikweni monga ambiri amaganizira, koma G ndiye amatsika. Mungadzionere nokha. Tsegulani chithunzicho, dinani Ctrl+3 kuti muone chanelo cha kufiira chokha. Mudzaona nkhope yosalala, yowala mofanana paliponse, ngati palibe vuto lililonse. Kenako dinani Ctrl+4 kuti muone chanelo cha kubiriwira, ndipo masaya ndi mphuno zidzatulukira ngati zigamba zakuda. Apo ndi pamene pali vuto lanu lonse. Dinani Ctrl+2 kuti mubwerere ku mitundu yonse. Kukonza kufiira kwa mtundu umenewu kwenikweni ndi kubwezera G amene magazi anameza, osati kulanda R amene sanalakwe kanthu.

Musanagwire tsaya, yambani mwatsimikiza kuti chithunzi chonse sichinapendekere kofiira. Yang'anani chinthu chimene mukudziwa kuti n'choyera kapena chotuwa ndipo chili m'kuwala komweko kumene kuli nkhope, monga kolala ya malaya oyera. Ngati nachonso chikuoneka cha pinki, konzani kaye Temp ndi Tint mu Camera Raw kapena mu Lightroom. Kukokera Tint pang'ono kumanzere, kumbali ya kubiriwira, nthawi zina kumachotsa theka la vuto musanapange n'komwe leya iliyonse. Ngati chithunzicho ndi RAW, yesaninso kusintha Profile kuchoka pa Adobe Color kapena Adobe Vivid kupita pa Adobe Portrait, imene siikoleza kwambiri mitundu ya khungu. Ndipo potsegula mu Photoshop sankhani 16 Bits/Channel, chifukwa tikhala tikukankha mitundu yoyandikana kwambiri, ndipo pa 8 Bits/Channel mitundu yotere siichedwa kusweka n'kuoneka mizeremizere.

Tsopano yezani, musadalire diso lokha. Diso limazolowera msanga. Mukayang'anitsitsa nkhope yofiira kwa mphindi zingapo imayamba kuoneka yabwinobwino, ndipo mukayang'anitsitsa yotuwa nayonso imayamba kuoneka yabwinobwino. Tengani Color Sampler Tool, ndipo pamwamba pomwe palembedwa Sample Size sankhani 11 by 11 Average. Mukasiya pa Point Sample mudzawerenga kadontho kamodzi kokha, mwina kabowo ka thukuta kapena katsitsi, ndipo nambala yake idzakusokeretsani. Ikani chizindikiro choyamba pakati pa tsaya lofiira, chachiwiri pa khungu la munthu yemweyo limene silinapse. Kusankha malo achiwiriwa ndi kumene anthu ambiri amaphonya. Musatenge pansi pa chibwano, chifukwa pamenepo pali mthunzi, ndipo mthunzi uli ndi mtundu wakewake. Funani malo amene kuwala kwagwa mofanana ndi pa tsaya, monga m'mbali mwa khosi, pachipumi m'munsi mwenimweni mwa tsitsi, kapena m'mbali mwa nsagwada. Dinani F8 kuti Info itseguke, ndipo pa chizindikiro chilichonse muone manambala a RGB, kenako musinthe kukhala HSB.

Tiyerekeze kuti pa chithunzi cha mayi wanu mwapeza izi. Pakhosi R ndi 214, G ndi 166, B ndi 140. Pa tsaya R ndi 212, G ndi 138, B ndi 124. Taonani kuti R sanasinthe kwenikweni, 214 ndi 212. B watsika ndi 16, koma G watsika ndi 28. Mukasinthira ku HSB, pakhosi H ali pa madigiri 21 ndipo S ali pa 35 peresenti, pamene pa tsaya H ali pa madigiri pafupifupi 10 ndipo S ali pa 42 peresenti. H ameneyu ndi malo a mtunduwo pa gudumu la mitundu, pomwe 0 ndi kufiira kwenikweni, 30 ndi mtundu wa lalanje, 60 ndi chikasu, pamene S ndi kuchuluka kwa utoto. Ndiye kuti tsaya latsetsereka ndi madigiri 11 kupita kofiira, pamene utoto wake wangochuluka ndi 7 peresenti yokha.

Onani tsopano zimene zakhala zikuchitika mukatsitsa Saturation, tinene kufika pa -30. Manambala atatu aja amakokeredwa pakati, ndipo tsaya limakhala pafupifupi 199, 147 ndi 137. S watsika kufika pa 31 peresenti, kutanthauza kuti tsaya tsopano lili ndi utoto wochepa kuposa khosi, koma H akadali pomwe anali, pa madigiri 10. Mwataya utoto umene munthuyo amafunika kuti aoneke wamoyo, koma kupendekera kofiira kuja simunakuchotse ngakhale pang'ono. R nayenso watsika ndi 13, n'chifukwa chake malowo amaoneka ngati adera pang'ono komanso ozizira. Kutuwa kumene mukudandaula nako n'kumeneku, ndipo mukapitiriza kutsitsa kumangoipiraipira.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ine ndi iyi. Pangani leya ya Hue/Saturation, ndipo m'malo mwa Master sankhani Reds. M'munsi muli mizere iwiri ya mitundu, ndipo pakati pake pali timabatani tinayi tokoka. Tiwiri tamkati tikuonetsa mitundu imene idzasinthidwe ndi mphamvu zonse, tiwiri takunja tikuonetsa pamene kusinthako kumazimiririka mpaka kutheratu. Photoshop imatiika pa 315°/345° ndi 15°\45°. Ambiri satigwira n'komwe timabatani timeneti, komatu ntchito yonse yagona pomwepa. Mukatisiya momwe tilili, khungu labwino la pa madigiri 21 lija lili mkati mwa malo ozimiririka, ndipo limalandira pafupifupi magawo anayi mwa asanu a kusintha kulikonse kumene mungachite. Ndiye mumakankha tsaya kupita kwa chikasu, khosi ndi chipumi nazonso n'kumathawira kutsogolo, ndipo kusiyana kuja kumatsala pafupifupi momwe kunalili. Pamapeto pake munthu yense amaoneka wachikasu koma masaya ake adakali osiyana ndi nkhope yonse.

Kuti muone bwino chimene mwagwira, kokerani Hue mpaka kumapeto pa +180 kwa kanthawi. Paliponse pamene leyayo ikugwira padzasanduka mtundu wachilendo wonga buluu wobiriwira. Kenako kokerani timabatani tiwiri takumanja tija kumanzere pang'onopang'ono, mukuyang'ana nkhope. Mudzaona mtundu wachilendowo ukuchoka pakhosi ndi pachipumi, n'kutsala pa masaya, pamphuno, pamilomo ndi m'makutu. Pa chithunzi chathuchi ndingaike kamkati pa madigiri 12 ndi kakunja pa madigiri 24. Takumanzere mungatisiye, chifukwa kumeneko kuli pinki ndi pepo, ndipo khungu labwino silifikako. Mukakhutira, bwezani Hue pa 0, ndiye muyambe kuikweza pang'onopang'ono mukuwerenga manambala mu Info.

Pali lamulo limodzi pano limene linanditengera nthawi kuti ndilizindikire, ndipo ndikufuna mulisunge. Mtunda wa pakati pa kabatani kamkati ndi kakunja usachepe kuposa nambala imene mwaika pa Hue. Taganizirani: ngati kamkati kali pa 12, kakunja pa 16, ndipo Hue ili pa +9, kadontho kamene kanali pa madigiri 12 kadumphira pa 21, pamene kamene kanali pa 16 sikasuntha n'komwe. Kamene kanali kofiira kwambiri tsopano ndi kachikasu kuposa kanzake kapafupi, ndipo pa nkhope zimaoneka ngati mkombero wofiira wozungulira chigamba chachikasu, kapena timadontho tamawangamawanga m'mphepete mwa tsaya. Mukaona mkombero wotere, musathamangire burashi kuti muufufute. Talikitsani kabatani kakunja, mkomberowo usungunuka wokha. N'chifukwa chake ndasankha 12 ndi 24, mtunda wa madigiri 12, pamene Hue sindikufuna kuti ipyole 9 kapena 10.

Pa +9, tsaya lija limafika pafupifupi 212, 151 ndi 124. R ndi B sanasunthe, G yekha ndi amene wakwera kuchoka pa 138 kufika pa 151. Ndi chimene tinkafuna chija, kubwezera kubiriwira kumene magazi anameza. H tsopano ali pakati pa madigiri 18 ndi 19. Apa ndi pamene Saturation ingalowe, ndipo -8 ikukwana. Manambala amakhala pafupifupi 208, 152 ndi 128, S n'kukhala pa 38 peresenti, pamwamba pang'ono pa 35 ya pakhosi ija. Malire anu ndi amenewo: S wa pa tsaya asatsike kupyola S wa khungu labwino la munthu yemweyo. Akangotsika kupyola pamenepo, kutuwa kwayamba, ngakhale diso lanu lisanakuone.

Mwina mwaona kuti sindinafikitse tsaya pa madigiri 21 enieni. Ndachitira dala. Nkhope ya munthu wamoyo sikhala ya mtundu umodzi. Masaya, nsonga ya mphuno ndi makutu zimakhala zofiirirako kuposa chipumi ndi khosi ngakhale kwa munthu amene sanapsepo ndi dzuwa, chifukwa magazi ali pafupi pamalo amenewa. Mukafananiza paliponse ndendende, nkhope imaoneka ngati ya chidole chapulasitiki, ndipo mwini wake sadzadziwa chimene chalakwika koma adzangoti chithunzicho sichikumufanana. Ine ndimasiya madigiri awiri kapena atatu, ndipo kwa mwana kapena munthu amene akuseka ndimasiya ochulukirapo.

Kabatani kachitatu ka pa leya yomweyo, Lightness, musakakhulupirire. Kamakopa chifukwa tsaya lopsa limaoneka loderako, ndipo mukakakweza limawaladi. Koma mmene kamawalitsira ndi pokweza G ndi B kuti ayandikire R, ndiye kuti kakuchotsa utoto mwakachetechete. Zotsatira zake ndi khungu looneka ngati lapakidwa ufa. Kumeneku ndi kutuwa komwe kuja, kwangolowera khomo lina. Kumbukirani kuti kukwera kwa G kuja kwawalitsa kale tsaya pang'ono, choncho nthawi zambiri sipafunikanso china. Ngati padakali podera, pangani leya ya Curves, ikani Blend Mode yake pa Luminosity kuti isakhudze mitundu, kwezani pakati pa mzere pang'ono, ndipo muipake pa malo okhawo ofunika.

Tsopano masiki, imene imasankha malo a pa chithunzi amene leya igwire. Ngakhale mutachepetsa bwanji mitundu imene leya ikugwira, milomo idzagwidwabe, chifukwa ili m'dera lomwelo la kufiira. Milomo ikakankhidwira kwa chikasu imasanduka yofiirira ngati yauma, ndipo palibe chimene chimadwalitsa nkhope msanga kuposa chimenechi. Chimodzimodzi timakona ta maso, nkhama ngati munthuyo akumwetulira, chovala chofiira, ngakhale maluwa akumbuyo. Dinani pa masiki ya leyayo, dinani Ctrl+I kuti ide yonse, ndipo kusintha konse kudzabisika. Tengani burashi yofewa, Hardness pa 0, mtundu woyera, Flow pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ndipo muyambe kupaka pa masaya, pamphuno, pachipumi ngati napo papsa. Burashi ikhale yaikulu, pafupifupi theka la tsaya. Burashi yaing'ono imasiya tinjira tooneka. Ubwino wochepetsa mitundu poyamba paja ndi woti simukufunika kupaka mosamala kwambiri m'mphepete, popeza burashi ikapitirira n'kugwa pa khungu labwino, leyayo ilibe chambiri choti isinthe pamenepo. Pafupi ndi milomo pokha ndi pamene muyenera kuchepetsa burashi ndi kusamala. Mukatha, dinani batani la \ kuti muone pamene mwapaka, ndipo musaiwale makutu, m'khosi mwa malaya ndi manja ngati zikuoneka. Nkhope yokonzedwa bwino pamwamba pa mapewa ofiira psuu imaulula ntchito yonse.

Kupsa ndi dzuwa sikukhala kofanana paliponse. Kawirikawiri pamwamba pa mphuno ndi pa mafupa a masaya pamapsa kwambiri kuposa pena ponse, mwina H wake n'kufika pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Musakweze Hue ya leya yoyamba kufika pa +16 pofuna kuthana ndi mphuno, chifukwa masaya adzapyola n'kuyamba kuoneka obiriwirako. Pangani leya yachiwiri ya Hue/Saturation yogwira mitundu yofiira kwambiri yokhayo, muipatse +5 kapena +6, ndipo muipake pamphuno pokha. Maleya awiri ofatsa amabisika bwino kuposa imodzi yamphamvu. Ndipo ngati mukufuna kugwira G mwachindunji, leya ya Curves imachita zomwezo: sankhani Green, tengani kadzanja kamene kali pa Curves, dinani pamphuno n'kukokera m'mwamba pang'ono kwambiri. Samalani chifukwa Curves siisankha mitundu, imasintha chilichonse chimene masiki yalola, choncho pamenepa kupaka kwanu kuyenera kukhala kolondola.

Pa khungu lakuda nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kuposa pa loyera, ndipo ndikufuna ndiimepo pang'ono. Kupsa kapena kutentha pa khungu lakuda sikuoneka ngati pinki wowala. Kumaoneka ngati malo oderapo, opendekera kofiira kozama kapena kwa pepo. Tiyerekeze khungu labwino lili pa 120, 78 ndi 56, pamene malo opsa ali pa 118, 62 ndi 54. H wachoka pa madigiri 21 kufika pafupifupi 8, koma S ndi 53 peresenti kwina, 54 peresenti kwinaku. Utoto sunachuluke n'komwe, ndiye palibe choti mutsitse. Mukangotsitsa Saturation ngakhale pang'ono, khungu limatuwa mbuu ngati la munthu amene wasamba osadzola mafuta, ndipo aliyense amaona zimenezi nthawi yomweyo. Apa gwiritsani ntchito Hue yokha, Saturation isiyeni pa 0, ndipo mukaona kuti kukwera kwa G kwafooketsa kuzama kwa khungulo, si zachilendo kuikweza ndi +3 kapena +4. Samalaninso ndi malo onyezimira a pachipumi ndi pamphuno. Kunyezimira kumatenga mtundu wa kuwala kumene kwagwa pamenepo, kaya ndi thambo kapena nyale, osati mtundu wa khungu, choncho musaikepo chizindikiro choyezera.

Pali nthawi zina pamene njira yonseyi imakanika, ndipo ndi bwino kuzidziwa msanga musanataye ola lathunthu. Yoyamba ndi pamene R wafika pa 255 pa tsaya lonse. Zimachitika kawirikawiri pa khungu lofiira lojambulidwa padzuwa lamphamvu. Chanelo cha kufiira chimadzaza ngakhale chithunzi chonse chikuoneka kuti sichinawale mopyola. Mudzazindikira poona kuti pa Ctrl+3 tsaya langoyera mbee popanda timabowo ta khungu, ndipo pa chithunzi chenicheni pamaoneka ngati papakidwa utoto wa lalanje wosalala. Pamenepo manambala a H ndi onama, chifukwa R weniweni anali wopyola 255 koma anadulidwa. Ngati muli ndi RAW bwererani komweko, tsitsani Exposure kapena Highlights mpaka R atsike pansi pa 245, ndiye muyambirenso. Ngati ndi JPEG, zimene zinadulidwa zinapita. Chimene mungachite ndi kupanga leya yopanda kanthu, kuika Blend Mode pa Color, kutenga mtundu pa khungu labwino ndi kupaka mofatsa ndi Opacity yochepa, pafupifupi 15 kapena 20 peresenti. Mtundu umodzi wopakidwa paliponse umaphwatalala, choncho muzitenga mtundu watsopano pafupipafupi kuchokera pa malo oyandikana nawo.

Yachiwiri ndi JPEG yopanikizidwa kwambiri, monga chithunzi chimene chadutsa pa foni kangapo. JPEG kawirikawiri imasunga mitundu mosalongosoka kuposa mmene imasungira kuwala, ndipo mukayamba kusankha mitundu yoyandikana kwambiri, timabokosi tating'onoting'ono timatulukira pa tsaya. Mankhwala ake ndi kutalikitsa kwambiri timabatani takunja tija, kuchepetsa Hue, ndi kulola masiki kuti igwire ntchito yaikulu yosankha malo. Pemphani chithunzi choyambirira ngati chilipo.

Yachitatu ndi pamene kufiirako sikunachokere m'magazi konse, koma kwa chinthu chofiira chapafupi, monga ambulera, khoma kapena chovala chimene chikubwezera kuwala kwake pankhope. Mudzazindikira chifukwa kumakhala mbali imodzi, kapena pansi pa chibwano ndi pansi pa mphuno, malo amene dzuwa silipsereza kawirikawiri, ndipo kumagwanso pa tsitsi ndi pa kolala. Pamenepo R ndiye wakweradi, ndipo Curves yotsitsa Red pang'ono pa malo okhawo imagwira bwino kuposa Hue.

Chinthu china chimene Hue siingathe ndi mzere wa pamene panathera chovala kapena magalasi. Mukafananiza mitundu mbali zonse ziwiri mzerewo umaonekabe, chifukwa khungu lopsa ndi loderapo kuposa limene linabisika. Kumeneko ndi kusiyana kwa kuwala, ndipo kumafuna Curves ya pa Luminosity ija, yopakidwa ndi Flow ya 2 kapena 3 peresenti, kuwalitsa mbali yopsa pang'ono ndi kudetsa mbali yoyera pang'ono mpaka zikumane pakati. Ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ndi bwino kuichita chithunzi chili chaching'ono pa sikirini, chifukwa mzere wotere umaoneka bwino patali kuposa pafupi.

Ngati tsiku lina mudzafune kuchitira zonsezi mu Lightroom, nzeru yake ndi yomweyi. Mu Color Mixer, kukokera Hue ya Red kumanja kumapititsa kufiira kumbali ya lalanje, koma kumagwira chithunzi chonse pamodzi ndi milomo, ndipo manambala ake si madigiri ngati a mu Photoshop, choncho musakopere +9 uja. Gawo lalikulu la khungu limakhala pansi pa Orange, ndiye musatsitse Saturation ya Orange pofuna kuchotsa kufiira, chifukwa imeneyo ndi njira yachidule yotuwitsira munthu yense. Chabwino ndi kupaka masiki ndi Brush pa malo opsa, kenako mkati mwa masikiyo kugwiritsa ntchito Point Color, imene imakulolani kudina pa tsaya, kuchepetsa mitundu yogwidwa ndi kusuntha Hue Shift.

Ndisanatumize chithunzi ndimachiyesa motere. Pamwamba pa maleya onse ndimaika Hue/Saturation ina ya kanthawi chabe, Master, Saturation pa +50. Imakuza kusiyana kulikonse kwa mitundu, ndipo ngati pali chigamba chobiriwirako, mkombero wofiira kapena malo amene utoto wathawa, zimaonekera poyera. Malo otuwa amatsalira m'mbuyo pamene khungu lonse lakolera. Ndikakonza ndimaichotsa leyayo. Kenako ndimaonetsetsa kuti sikirini sili pa kuwala kwa usiku kumene kumaonjezera chikasu, ndimachoka pa kompyuta kwa mphindi zisanu, ndipo ndikabwerera ndimayatsa ndi kuzimitsa gulu la maleya onse okonzera khungu, chithunzi chili chaching'ono. Kawirikawiri ndimapeza kuti ndinapyola pang'ono, ndipo ndimatsitsa Opacity ya gulu lonse kufika pa 80 peresenti kapena kuchepera apo.

Kwa mayi wanuyu nkhani ndi yosavuta, chifukwa kupsa ndi dzuwa ndi kwa masiku ochepa ndipo iwo eni angakonde kuti kusaoneke. Koma mudzakumananso ndi anthu amene kufiira kwa masaya ndi mmene alili masiku onse, kapena ali ndi chibadwa chofiira pankhope. Amenewo afunseni kaye musanagwire Hue, ndipo muwaonetse zithunzi ziwiri, china chimene mwangochepetsa ndi madigiri atatu kapena anayi, china chimene mwafikitsa pafupi ndi khungu la pakhosi, kuti asankhe okha.